Kusanja kaundula wa pakompyuta potsata mitundu yomwe antchito adapaka pamanja

Mwezi ukamatha, m'maofesi ambiri mumzinda wa Lilongwe mumafunsidwa funso limodzi: ndani walipira, ndani sanalipire? Funsoli limamveka m'masitolo a oda a ku Old Town omwe amapereka katundu pangongole kwa eni magolosale, m'maofesi a ku City Centre, komanso kwa omwe amayang'anira nyumba za lendi ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47. Yankho lake limakhala m'kaundula wa pulogalamu ya Excel, ndipo nthawi zambiri silikhala m'mawu. Limakhala mu utoto. Wolandira ndalama amapaka mtundu wobiriwira pa dzina la yemwe wamaliza kulipira, wachikasu pa yemwe waperekako pang'ono, ndi wofiira pa yemwe sanaoneke n'komwe.

Njirayi imayenda bwino mizere ikakhala khumi, pakuti diso limaiona yonse nthawi imodzi. Ikafika 60 kapena 300, bwana amafuna kuti zofiira zonse zikhale pamwamba kuti adziwe oyenera kuwaimbira foni ndi kuwalembera kalata. Excel imatha kuchita zimenezi kuyambira pa mtundu wake wa 2007. Koma pulogalamuyi siidziwa tanthauzo la mtundu uliwonse. Imangoona nambala yeniyeni ya utoto womwe uli m'kabokosi, ndipo imayang'ana m'kolamu imodzi yokha yomwe yauzidwa. Zolakwika zambiri za ntchitoyi zimachokera pa mfundo imeneyi, ndipo zotsatira zake zimakhala ndalama zosatoleredwa kapena kalata ya ngongole yopita kwa munthu yemwe adalipira kale.

Kaundula wa chitsanzo

Pofuna kuti ndondomekoyi imveke, nachi chitsanzo chongoyerekeza cha ofesi yaing'ono ya ku City Centre yomwe imatolera lendi ya nyumba 60 m'malo mwa eni ake. Mzere woyamba wa kaundula uli ndi mitu, ndipo nyumbazo zili kuyambira mzere 2 mpaka mzere 61. Mizere yotsika pansi, yomwe imatchedwa makolamu, ilipo inayi: ya dera, ya nyumba, ya ndalama za lendi ndi ya tsiku loyenera kulipira. Antchito atatu ndiwo amapaka utoto, aliyense akaona lisiti la kubanki kapena uthenga wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba. Adagwirizana kuti azipaka pa kabokosi ka ndalama za lendi.

Wosanja asanakhudze chilichonse, ayenera kusunga fayiloyo m'dzina lina kuti yoyamba ikhale yosasinthika. Kenako awonjezere kolamu kumayambiriro, n'kulembamo manambala kuyambira 1 mpaka 60. Chifukwa chake n'chakuti kusanja kumasokoneza dongosolo loyamba la mizere. Kudina Ctrl+Z kumabweza zinthu fayilo ikadali yotsekula, koma ikasungidwa n'kutsekedwa, njira imeneyo yatha. Manambala a m'kolamu yatsopanoyo ndiwo amathandiza kubwezera mzere uliwonse pamalo pake tsiku lina lililonse. Tsopano kolamu A ndi ya manambala, B ya dera, C ya nyumba, D ya lendi ndipo E ndi ya tsiku.

Chotsatira n'kuona ngati Excel ikuuona kaundulayo ngati chinthu chimodzi. Wosanja adine kabokosi kamodzi mkati mwa kaundula, kenako adine Ctrl+A. Malo omwe asankhidwa ayenera kuyambira pa mitu mpaka mzere 61, komanso kuchokera ku kolamu A mpaka E. Akathera pa mzere 34, ndiye kuti mzere 35 ndi wopanda kanthu, mwina wina adausiya pofuna kulekanitsa nyumba za ku Area 47 ndi za ku Area 10. Excel imatenga mzere wotere ngati malire, choncho isanja zapamwamba zokha n'kusiya zapansi mmene zinalili, popanda chenjezo lililonse. Mzere wopanda kanthuwo uchotsedwe. Mzere wa ndalama zonse pamodzi, womwe umakhala pansi penipeni, ndiwo ufunika kulekanitsidwa ndi mzere wopanda kanthu, apo ayi nawonso usanjidwa ngati nyumba. Timabokosi tophatikizidwa kudzera pa Merge & Center natonso timaletsa ntchitoyi, ndipo Excel imakana kusanja mpaka titalekanitsidwa.

Kuwerenga mitundu isanasanjidwe

Pa tsamba la Data pali batani la Sort. Likadinidwa, pamatseguka bokosi lomwe lili ndi malo atatu: Column, Sort On ndi Order. Pakona pake pali My data has headers, ndipo pamenepo payenera kukhala pochongedwa kuti mzere wa mitu usasakanikirane ndi nyumba. Pa Column wosanja asankhe kolamu ya lendi, pa Sort On asankhe Cell Color. Akatsegula mndandanda wa pa Order, Excel imaonetsa mitundu yonse yomwe yapeza m'kolamu imeneyo.

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa mndandandawu ndiwo umaulula mavuto a kaundula. Ofesi idagwirizana mitundu itatu, koma m'chitsanzochi mndandanda ukuonetsa zinthu zisanu: kufiira kowala, kufiira koderako, chikasu, kubiriwira, ndi mawu akuti No Cell Color, omwe akutanthauza timabokosi tosapakidwa. Chiwerengero cha pamndandanda chikaposa chomwe ofesi idagwirizana, ndiye kuti wina adapaka mosiyana ndi anzake.

Kufiira kuwiriko kuli ndi gwero losavuta kulipeza. Pa bokosi losankhira utoto pali mzere wotchedwa Standard Colors, ndipo mitundu iwiri yoyamba pamzerewo ndi Dark Red ndi Red, yoyandikana. Munthu wofulumira amadina uliwonse, ndipo pa sikirini ya laputopu yakale kapena yochepetsedwa kuwala pofuna kusunga batire magetsi akathima, kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Kwa Excel iyi ndi mitundu iwiri yosiyana kotheratu. Wofuna kutsimikiza asankhe kabokosiko, atsegule Fill Color, apite pa More Colors kenako pa Custom. Pamenepo pali manambala atatu. Red ndi 255, 0, 0 pomwe Dark Red ndi 192, 0, 0. Nambala imodzi ikasiyana ngakhale pang'ono, Excel imauika mtunduwo m'gulu lakelake.

Mmene zilili m'kaundulayu, nyumba 9 zili ndi kufiira kowala, 3 kufiira koderako, 8 chikasu, 36 kubiriwira, ndipo 4 zilibe utoto m'kolamu ya lendi. Munthu akangoika kufiira kowala pamwamba n'kusindikiza, apatsa bwana nyumba 9 zokha zomwe lendi yake yonse ndi K7,200,000. Nyumba zitatu za kufiira koderako, zomwe lendi yake ndi K2,850,000, zitsala zomwazikana pakati pa zobiriwira ndi zachikasu, ndipo palibe adzaziimbire foni.

Nyumba zinayi zopanda utoto nazo zifunika kuonedwa imodziimodzi. Pa ziwiri mwa izo, wantchito adapaka pa kabokosi ka nyumba, m'kolamu C, m'malo mwa kabokosi ka lendi. Diso limaona mzerewo ngati wopakidwa, koma Excel yauzidwa kuyang'ana kolamu D, ndipo mmenemo mulibe kanthu. Imodzi mwa ziwirizo ndi yobiriwira, inayo ndi yofiira ndipo lendi yake ndi K900,000. Ziwiri zotsalazo palibe adaziona n'komwe. Choncho ngongole yeniyeni ya omwe sanalipire ndi ya nyumba 13, ndalama zokwana K10,950,000, osati nyumba 9 ndi K7,200,000. Kusiyana kwa K3,750,000 kwabisala mu utoto wofanana m'maso ndi kabokosi kopakidwa pamalo olakwika.

Kukonza kwake sikuvuta, koma kuyambe ndi funso. Wosanja afunse kaye yemwe adapaka kufiira koderako ngati adachita dala, pakuti m'maofesi ena mtundu woderako umatanthauza ngongole ya miyezi ingapo. Ngati idali ngozi chabe, asankhe timabokosi titatuto n'kutipaka Red. Apakenso kolamu D pa mizere iwiri yomwe utoto udapita ku kolamu C. Akabwerera pa mndandanda wa Order, payenera kutsala mitundu itatu ndi No Cell Color.

Kupanga masitepe a kasanjidwe

Manambala ali ndi dongosolo lodziwika, zilembo nazonso zili nalo, koma mitundu ilibe. Excel siidziwa kuti kufiira kuyenera kutsogola chikasu, choncho wosanja ndiye amaiuza, mtundu umodzi pa sitepe iliyonse. Pa sitepe yoyamba asankhe kolamu ya lendi, Cell Color, mtundu wofiira, ndipo kumapeto asiye On Top. Kenako adine Copy Level, zomwe zimabweretsa sitepe yachiwiri yofanana ndi yoyamba, n'kungosintha mtundu kukhala wachikasu, nawonso On Top. Mawu akuti On Top pa sitepe yachiwiri satanthauza kuti chikasu chilanda malo a kufiira. Masitepe amatsatidwa kuchokera pamwamba kutsika, ndiye chikasu chimakhala pamwamba pa zomwe zatsala kufiira kutachotsedwa. Pa sitepe yachitatu asankhe kubiriwira ndi On Bottom.

Akadina OK, nyumba zofiira 13 zikhala pa mizere 2 mpaka 14, zachikasu 8 pa mizere 15 mpaka 22, ziwiri zosapakidwa pa 23 ndi 24, ndipo zobiriwira 37 pa 25 mpaka 61. Kuika zobiriwira pansi kuli ndi phindu lake: mizere yosapakidwa imatsala pakati, poonekera, m'malo mokabisala kumapeto komwe anthu safikako. Mizere yosapakidwa ndiyo imafunika kufufuzidwa msanga, chifukwa palibe akudziwa ngati anthuwo adalipira kapena ayi.

Mkati mwa gulu lililonse, mizere imatsala m'dongosolo lomwe inali nalo kale. Ofesi yomwe imatuma mnyamata wa njinga yamoto kukasiya makalata ingafune kuti zofiirazo zisanjidwenso potsata madera. Izi zimatheka podina Add Level n'kusankha kolamu ya dera, Cell Values ndi A to Z. Sitepe imeneyi iyenera kukhala pansi pa masitepe a mitundu. Ikakwera pamwamba, kaundula asanjidwa potsata madera kaye, ndipo zofiira zigawikana m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse pamwamba pa dera lake.

Maina a madera a mu Lilongwe ali ndi kachinthu kena komwe kamadabwitsa ambiri. Popeza mawu akuti Area 3 ndi zolemba, osati nambala, Excel imawawerenga chilembo chimodzichimodzi kuchokera kumanzere. Zotsatira zake n'zakuti Area 10 ndi Area 12 zimatsogola, kenako Area 3, Area 43, Area 47, ndipo Area 9 imakhala yomaliza. Palibe chawonongeka, ndipo nyumba za dera limodzi zikhalabe pamodzi. Wofuna kuti 3 ndi 9 zitsogole alembe Area 03 ndi Area 09, kapena asiye manambala okha m'kolamuyo.

Palinso njira yachidule. Munthu akadina kabokosi kofiira ndi batani la kumanja la mausi, n'kupita pa Sort, amapeza Put Selected Cell Color On Top. Njirayi imakweza mtundu umodzi wokha, ndipo siionetsa mndandanda wa mitundu yonse, choncho kufiira koderako kukhoza kudutsa osaonedwa. Ndi yabwino pa kaundula yemwe wayeretsedwa kale. Omwe amagwiritsa ntchito Google Sheets adapatsidwa mwayi wofananawo mu 2020. Amayamba ndi Create a filter pa Data, kenako amadina kachizindikiro ka pamutu wa kolamu n'kusankha Sort by color ndi Fill color.

Ngozi yaikulu kuposa zonse

Cholakwika chowononga kwambiri chimachitika munthu akasankha kolamu ya lendi yokha asanadine Sort. Excel imatulutsa chenjezo lotchedwa Sort Warning, lomwe lili ndi zosankha ziwiri: Expand the selection ndi Continue with the current selection. Yoyamba imasuntha mzere wonse pamodzi. Yachiwiri imasuntha timabokosi ta m'kolamu D tokha pamodzi ndi utoto wake, pomwe madera ndi nyumba zimatsala pomwe zinali. Kaundula amaoneka wosanjidwa bwino, zofiira pamwamba, zobiriwira pansi, koma ndalama ndi utoto wa nyumba ya ku Area 43 tsopano zili pa nyumba ya ku Area 9. Nyumba 13 zoyamba m'kaundula zasanduka zangongole ngakhale zambiri mwa izo zidalipira.

Chizindikiro chake chili m'kolamu ya manambala ija. Kusanja kukayenda bwino, manambalawo amakhala osakanikirana, monga 4, 11, 17, 23. Akakhalabe 1, 2, 3, 4 pomwe mitundu yasuntha, ndiye kuti mizere yang'ambika pakati. Wosanja adine Ctrl+Z nthawi yomweyo, kapena atseke fayilo osasunga. N'kwanzerunso kulemba papepala lendi ya nyumba ziwiri kapena zitatu kusanja kusanayambe, n'kuziyang'ananso pambuyo pake. Kuona ndalama zonse pamodzi sikuthandiza pano, chifukwa chiwerengero chimenecho sichisintha ngakhale ndalama zitapita pa maina olakwika.

Mafomula nawo afunika kusamala. Fomula yomwe imawerenga za mumzere wake womwewo, monga lendi kuchotsera zomwe zaperekedwa, imayenda bwino ndi mzere wake. Fomula yomwe imadalira mzere wa pamwamba pake, monga ya ndalama zomwe zikuunjikana kuchokera mzere ndi mzere, imayamba kupereka mayankho ena mizere ikasinthana malo.

Tizizindikiro

Maofesi ena sapaka utoto. Amagwiritsa ntchito tizizindikiro, ndipo tili m'magulu awiri omwe amasanjidwa mosiyana. Gulu loyamba ndi la zomwe munthu amalemba yekha m'kabokosi, monga kuchonga, mtanda kapena chilembo X. Kwa Excel izi ndi zolemba wamba, ndipo zimasanjidwa ndi Cell Values. Vuto lake likufanana ndi la kufiira kuwiri kuja: ✓, ✔ ndi √ zimaoneka ngati chinthu chimodzi koma ndi zilembo zitatu zosiyana. Kuyatsa Filter n'kutsegula mndandanda wa pamutu wa kolamu kumaonetsa mitundu yonse ya zolembedwa mmenemo, ndipo zosiyanazo zimaonekera.

Gulu lachiwiri ndi la timivi, timbendera ndi timadontho tonga maloboti a pamsewu, tomwe timachokera pa Conditional Formatting, pansi pa Icon Sets. Timeneti sitiikidwa ndi dzanja mwachindunji. Wantchito amalemba nambala, mwachitsanzo 1 kwa yemwe sanalipire, 2 kwa woperewera ndi 3 kwa womaliza, ndipo Excel imaika kachizindikiro potsata lamulo. Ngati Show Icon Only yachongedwa, nambalayo imabisika n'kutsala kadontho kokha. Posanja, pa Sort On pamasankhidwa Conditional Formatting Icon, yomwe m'mapulogalamu akaleko imatchedwa Cell Icon, ndipo kachizindikiro kalikonse kamafuna sitepe yakeyake ngati mmene zilili ndi mitundu. Komabe popeza kuseri kwa kadontho kalikonse kuli nambala, kusanja ndi Cell Values ndi Smallest to Largest kumapereka zotsatira zomwezo pa sitepe imodzi yokha.

Msampha wa tizizindikiro uli m'lamulo lomwe Excel imayamba nalo. Pa gulu la tizizindikiro titatu, malire amaikidwa pa maperesenti 67 ndi 33 a mtunda wa pakati pa nambala yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri m'kolamumo. Manambala akakhala 1, 2 ndi 3, malirewo amagwera pa 2.34 ndi 1.66, ndipo zonse zimaoneka bwino: 3 ndi wobiriwira, 2 wachikasu, 1 wofiira. Koma chala chikaterereka wina n'kulemba 33 m'malo mwa 3, mtunda umakula kufika pa 32, ndipo malire apansi amakwera kupitirira 11. Pamenepo 1, 2 ndi 3 onse amagwera pansi pa malirewo, ndipo kolamu yonse imafiira kupatula kabokosi kamodzi. Wosanja potsata kachizindikiro aona ngati anthu 59 sanalipire. Mankhwala ake n'kutsegula Manage Rules, kenako Edit Rule, n'kusintha Type kuchoka pa Percent kupita pa Number, ndi kuika 3 pa kubiriwira ndi 2 pa chikasu. Malire akakhala manambala enieni, cholakwika cha mumzere umodzi sichikhudza mizere ina.

Pomwe utoto umathera mphamvu

Kusanja kumaika mizere pamalo abwino, koma sikuwerengera ndalama. Mafomula odziwika monga SUMIF ndi COUNTIF saona utoto. Njira yofulumira yopezera ndalama za zofiira n'kusankha timabokosi D2 mpaka D14 n'kuyang'ana Sum pa mzere wa pansi pa sikirini. Njira ina n'kuyatsa Filter, kusankha Filter by Color, n'kuika fomula iyi pansi pa kaundula:

```
=SUBTOTAL(9,D2:D61)
```

Fomulayi imaphatikiza mizere yokhayo yomwe yatsala itasefedwa, pomwe SUM wamba imaphatikiza ndi yobisika yomwe. M'chitsanzochi iyenera kupereka 10,950,000 pa zofiira.

Kusanja sikudzikonzanso kokha. Wa ku Area 12 akalipira masana, wantchito n'kusintha kabokosi kake kukhala kobiriwira, mzerewo umatsalabe pakati pa zofiira mpaka wina atasanjanso. Utoto sunenanso yemwe adaupaka, tsiku lomwe adapaka, kapena kuchuluka kwa zomwe wachikasu adapereka: wopereka theka ndi woperewera K5,000 onse ndi achikasu. Fayilo ikasungidwa ngati CSV kuti ilowetsedwe m'pulogalamu yowerengera ndalama, utoto wonse umatayika, pakuti mtundu umenewu wa fayilo umasunga zolemba zokha. Zimachitikanso chimodzimodzi munthu akakopera mizere n'kuimata ndi Paste Values. Pa makina osindikiza zakuda ndi zoyera, kufiira ndi kubiriwira kumatuluka kotuwa mofanana. Pali anthu ena, makamaka amuna, omwe maso awo mwachibadwa salekanitsa bwino mitundu iwiri imeneyi, ndipo mmodzi wa iwo akhoza kukhala yemwe amasaina makalata.

Kusandutsa utoto kukhala mawu

Pa zifukwa zimenezi, phindu lalikulu la kusanja potsata mtundu limabwera mphindi zochepa kusanjako kutangotha, pomwe mitundu yofanana ili pamodzi. Iyi ndi nthawi yabwino yolemba tanthauzo la utoto m'mawu. Wosanja atsegule kolamu F n'kuipatsa mutu. Asankhe F2 mpaka F14, alembe SANALIPIRE, n'kudina Ctrl+Enter, zomwe zimadzaza timabokosi tonse tosankhidwa nthawi imodzi. Achite chimodzimodzi pa F15 mpaka F22 ndi mawu akuti WAPEREWEZA, pa F23 ndi F24 alembe SIZINAONEDWE, ndipo pa F25 mpaka F61 alembe WALIPIRA. Nyumba 60 zatha polemba kanayi kokha.

Kuyambira pamenepo mafomula amayamba kugwira ntchito popanda kusanja kapena kusefa:

```
=COUNTIF(F2:F61,"SANALIPIRE")
=SUMIF(F2:F61,"SANALIPIRE",D2:D61)
```

Yoyamba ipereka 13, yachiwiri 10,950,000, ndipo zonse ziwiri zimasintha zokha mawu a mumzere wina akasinthidwa. Mayankho a COUNTIF a magulu anayiwo akaphatikizidwa ayenera kukwana 60. Akapanda kukwana, ndiye kuti pena pali mawu olembedwa molakwika kapena kabokosi kopanda kanthu.

Kuti vuto la kufiira kuwiri lisabwerenso ngati vuto la kalembedwe kuwiri, kolamu F itetezedwe ndi Data Validation. Pa Allow pasankhidwe List, ndipo mawu anayi aja aikidwe pa Source. Wantchito azingosankha pa kamndandanda m'malo molemba yekha. Utoto sufunika kutayidwa, popeza anthu adauzolowera ndipo umathandiza diso. Utoto wakale wa pamanja uchotsedwe ndi No Fill, kenako pa Conditional Formatting, pansi pa Highlight Cells Rules, pasankhidwe Equal To kuti kabokosi ka SANALIPIRE kazifiira kokha, ka WAPEREWEZA kazikhala kachikasu ndipo ka WALIPIRA kazibiriwira. Excel imatha kusanja ndi mitundu yobwera mwanjira imeneyi kudzera pa Cell Color yomweyo, ndipo tsopano kufiira kumakhala kumodzi kokha chifukwa kukuchokera pa lamulo limodzi, osati pa manja atatu.

Chotsala ndi nyumba zachikasu. Mawu akuti WAPEREWEZA, monga utoto womwe adalowa m'malo mwake, sanena kuti zatsala zingati. Ofesi yomwe ikufuna kudziwa ngongole yonse iwonjezere kolamu G ya ndalama zomwe zalandiridwa ndi kolamu H ya zotsala, yokhala ndi fomula yochotsera G pa D mumzere womwewo. Pa nyumba zisanu ndi zitatu zachikasu, antchito abwerere ku malisiti ndi mauthenga a pafoni kuti alembe ndalama zenizeni, ndipo pa ziwiri zomwe sizinaonedwe afufuze kubanki kalata iliyonse isanatuluke.